Ntchito itatha, ndinayamba kugaya chiponde

Abale anga a ku Mufakose ndi Dzivarasekwa, ambiri mwakhala mukundifunsa za chiponde chija. Kampani yomwe ndinkagwirako itachepetsa antchito, ndalama yomwe anandipatsa ndinagulira kachigayo ka magetsi kogwirapo kale, mabotolo ndi mtedza.

Mtedza ndimapikula ku Mbare Musika m'mamawa. Chidebe cha malita 20 cha mtedza wosenda chimanditulutsira mabotolo pafupifupi 30 a 375ml. Musamagule osapisa dzanja mpaka pansi pa chidebe, poti wofwifwa amaubisa kumeneko. Wonyala, wachuku kapena wobooledwa ndi anankafumbwe tayani. Umodzi wokha umawawitsa botolo lonse, ndipo chukucho chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi.

Nkhani yagona pokazinga. Moto ukhale wapakati, muzitakasa osaleka mpaka khungu liyambe kufikisika ndi zala. Mukafulumira kuphula, chiponde chimanunkha chiwisi. Mukapsereza chimada n'kuwawa, makasitomala sabweranso. Uzizire kaye, mufikise, mupete, kenako mugaye kawiri kuti chisalale. Mchere pang'ono basi. Botolo likhale louma gwa, chifukwa dontho la madzi limaumbitsa chuku. Mafuta akayandama pamwamba si vuto, auzeni ogula angotakasa.

Magetsi amazimazima, choncho ndimagaya usiku akangobwera. Ndimalandira madola, ZiG ndi EcoCash, koma ya mtedza ndimaipatula tsiku lomwelo isanalowe mu ndiwo. Ngongole ayi, ngakhale kwa alamu. Ofuna mabotolo a Loweruka andiuze pofika Lachinayi.