Kaundula wa chakudya cha m'nyumba muno ndi zogula za sabata ino

Chilomoni, Lamulungu madzulo, sabata yachiwiri ya Okutobala

Abambo, alamu, ndi iwe chisamba changa: pepala ili ndalimata pachitseko cha firiji. Aliyense alijambule pafoni asanatuluke mawa. Lachinayi lapitali tinagula shuga anthu atatu tsiku limodzi, ine ku Limbe, abambo pochokera kuntchito, alamu pa okala, chonsecho mchere munalibe ndi wothira m'ndiwo womwe. Palibe amene analakwa, tonse timafuna kuthandiza, koma ndalama ya mchere, sopo ndi mazira inathera pa chinthu chimodzi. N'chifukwa chake lero ndatulutsa zonse, ndawerenga ndi manja anga, ndipo chogula chilichonse ndachipatsa mwini wake mmodzi.

ZIMENE ZILI M'KASITOLO

Pansi, pa thabwa:
- Chimanga: matumba 2 a 50 kg, othira mankhwala. Musawatsamiritse kukhoma.
- Ufa woyera: theka la ndowa yaikulu. Anthu sikisi tifika nawo Lachisanu basi. Mphale ndaviika lero, Lachitatu titsuwule, tiyanike, Lachinayi ipite kuchigayo.
- Mgaiwa: ndowa yaing'ono yodzaza. Phala la ana lilipo mpaka kutha kwa mwezi.
- Mpunga wa Kilombero: pafupifupi 8 kg. Wa Faya watsala makapu 3, tiyambe watha umenewo.

Pa shelefu ya pakati:
- Nyemba zofiira: 4 kg. Zija za m'chigoba chobiriwira ndaonamo anankafumbwe awiri atatu. Ndazisankha, ndaziyanika padzuwa, ndipo ndi zimene tiphike Lolemba. Chonde musazisakanize ndi zatsopano.
- Nandolo wouma: 2 kg
- Khobwe: kapu imodzi ndi theka
- Mtedza wosenda: 3 kg. Nsinjiro tisinje zokwana masiku atatu okha, kunja kukutenthaku sizichedwa kununkha mafuta. Njere iliyonse yofota, yakuda kapena ya chuku tayani, musaimvere chisoni. Poizoni wa chuku sachoka ndi kukazinga ndipo amawononga chiwindi.
- Usipa wouma: mbale imodzi yodzaza
- Matemba: atsala odya kamodzi
- Mfutso wa nkhwani: zikwatu 2, zija anatumiza agogo
- Nyama ya soya: mapaketi 6

Pamwamba:
- Shuga: mapaketi 5 a 1 kg. Timatha paketi ndi theka pasabata, ndiye uyu atifikitsa kumayambiriro kwa Novembala.
- Mafuta ophikira: m'chigubu mwatsala malita 2, kuseri kwake kuli botolo lina la malita 2 losatsegula. Botolo limeneli linabisala mwezi wathunthu, tsopano ndaliika kutsogolo.
- Masamba a tiyi: paketi yaikulu yosatsegula, ina ili pakati
- Mchere: kapaketi kaja tinagula mothamanga katsala pang'ono kutha
- Fulawa: 1 kg
- Soda: alipo wambiri
- Majalini: theka la chigoba
- Chiponde: chatha
- Mkaka waufa: masipuni ochepa
- Sobo: botolo limodzi, la alendo

Mudengu: anyezi 7, adyo mitu 2, kachewere wokwana kuphika kamodzi, tsabola wa kambuzi wodzaza dzanja. Matimati atha.

ZIMENE ZILI MU FIRIZA

Apa m'pamene pamatayika ndalama zambiri, chifukwa zinthu zikauma m'mapepala apulasitiki zimafanana zonse. Ndapeza nkhuku pansi penipeni imene tonse tinali titaiwala, Loweruka n'kugulanso ina. Tsopano paketi iliyonse ndailemba dzina ndi tsiku lolowera.

Mubasiketi ya pamwamba, zoyamba kudyedwa:
- Nkhuku yachikuda yathunthu, ya mu Ogasiti
- Chambo 4, zopala ndi kutumbula kale, za kumayambiriro kwa Seputembala. Nsomba sizikhalitsa ngati nyama, zimayamba kuuma m'mbali n'kutaya kukoma.
- Nyemba zophikaphika: zigoba 2

Pakati:
- Nyama yang'ombe: mapaketi 3 a theka la kilo
- Nyama yambuzi: paketi imodzi
- Nthumbwana zotsuka: paketi imodzi
- Masoseji: 8, a kamba wa ana kusukulu

Pansi:
- Nkhuku yoyera yoduladula, ya Loweruka lapitali
- Nandolo wamuwisi wosenda: mapaketi 5
- Supu wa matimati wophikiratu: zigoba za majalini 2 zokha
- Mabotolo 6 a madzi oundana. Awa si akumwa ayi. Ntchito yawo ndi kusunga kuzizira magetsi akazima.

Magetsi akapita, firiza isatsegulidwe. Yodzaza imasunga zinthu pafupifupi masiku awiri, koma ikakhala theka ngati yathuyi ndi tsiku limodzi, ndipo kutsegulatsegula kumadya maola amenewo. Firiji yokha ndi maola 4 basi. Ndiwo zamawa tulutsani usiku, muziike m'mbale pansi mu firiji, osati padzuwa kapena pasinki. Chimene chasungunukiratu n'kufunda chisabwererenso mufiriza. Mundiyimbire ndisanafike, tione ngati n'chophika kapena chotaya.

Mu firiji muli mazira 4, theka la kabichi, mandimu 3 ndi mkute wa mpunga woti uthe mawa m'mawa.

NDIWO ZA SABATA INO

Lolemba nyemba zija ndi kabichi. Lachiwiri chambo ndi mpiru. Lachitatu usipa ndi nkhwani wotendera. Lachinayi nkhuku yachikuda, iyambe kuwira msanga poti ndi yolimba. Lachisanu nyama ya soya ndi nandolo wamuwisi. Loweruka matemba ndi therere masana, madzulo nyama yang'ombe paketi imodzi. Lamulungu mpunga wa Faya ndi nyama yambuzi. Mwaona kuti ndiwo za mufiriza ndi m'kasitolo zakwana popanda kugulako nyama kapena nsomba.

ZOGULA, NDI WOGULA WAKE

Ine, Lachiwiri m'mawa ku msika wa Limbe:
- Matimati: beseni laling'ono. Theka ndiphikiratu supu kuti zigoba zibwerere pa 6.
- Anyezi: milu 2
- Kachewere: ndowa yaing'ono
- Therere lobala, la Loweruka
- Nthochi za ana

Abambo, Lolemba pochokera kuntchito m'tauni:
- Mchere wa ayodini: 1 kg
- Mkaka waufa: paketi imodzi
- Chiponde: botolo limodzi
- Mazira: thireyi imodzi
- Sopo wochapira: mipiringidzo 2
- Machesi: bandulo imodzi
- Mayunitsi a magetsi. Pa mita patsala ochepa, ndipo akatha usiku firiza ndi imene imavutika.

Alamu:
- Masamba a tsiku ndi tsiku pamsika wa Chilomoni pompano, odya tsiku lomwelo basi: mpiru Lachiwiri, nkhwani Lachitatu, masiku enawo repu kapena bonongwe, chimene chikuoneka chanthete
- Kuchigayo Lachinayi
- Makala: thumba lilipoli litifikitsa Loweruka, mufunse mtengo koma musagule

Iwe chisamba: buledi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, umodzi umodzi. Wina aliyense asabwere ndi buledi.

SABATA INO OSAGULA, NGAKHALE ZITATCHIPA

Shuga, mafuta ophikira, mpunga, nyemba, tiyi, nyama ya soya, nkhuku, nyama, nsomba. Abambo, ndikudziwa kuti chambo chabwino mukachiona panjira mtima sukupatsani, ndipo timayamikira. Koma ndiyimbireni kaye, zinayi zili mubasiketi zikudikira Lachiwiri.

Mukagula chinthu, lembani pagulu lathu la WhatsApp nthawi yomweyo muli pashopu pomwepo, kenako mudzachonge papepala pano. Amene walephera kugula zake anene, osangoti wina aona. Amene watsegula paketi yomaliza kapena watulutsa kanthu mufiriza, afafanize nambala yakale n'kulemba yatsopano pambali. Cholembera ndachimangirira ndi ulusi pachogwirira cha firiji. Tiwerenganso Lamulungu likubwerali tikachoka kutchalitchi, ndipo alamu ndikupemphani kuti ulendo uno tidzawerenge limodzi.

Amayi