Moni Mayi Rehema, ndine Naphiri wa ku Kasungu

Mayi Rehema, muli bwanji? Ana ndi bambo akunyumba ali bwanji? Ine kuno ndili bwino, kaya inu anzathu.

Pepani kuti ndakulemberani musanandidziwe. Dzina lanu ndaliona pa tsamba lino la pa intaneti, pa mndandanda wa anthu ofuna kuphunzira Chichewa, ndipo zomwe munalemba zandigwira mtima. Munati amuna anu ndi a ku Malawi, kuti Chichewa mumawerenga ndi kumva bwino chifukwa munakhalako ku Lilongwe zaka 2, koma mukafuna kuyankhula ndi apongozi anu pa foni lilime limalemera. Munatinso mukufuna mnzanu wamkazi woti muziphunzitsana naye. Ine ndine mayi, ndipo ndikufuna Chiswahili. Ndiye ndati ndigogode, odi, mwina tingathandizane.

Muzinditchula kuti Naphiri. Ili ndi dzina la mfunda, ndipo kwathu kuitana mayi ndi mfunda wake ndi ulemu waukulu. Mkazi wa mfunda wa Phiri timati Naphiri, wa Banda timati Nabanda. A Naphiri tilipo ambirimbiri kuno, choncho dzinali likukwanira kuti muzindiitana bwino pamene tikudziwana pang'onopang'ono. Inunso dzina lomwe munalembali landikwanira, lina sindikufunsani.

Ndimakhala m'boma la Kasungu, m'chigawo chapakati, pa msewu wa M1 womwe umachoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu. Mukapita kwa apongozi anu kumpoto kapena mukamabwerera kwanu ku Tanzania pa basi, ndiye kuti munadutsapo kwathu ndipo phiri lathu la Kasungu munaliona pawindo. Anthu kuno amalima fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Ndi kwawonso kwa Kamuzu Banda, pulezidenti woyamba wa dziko lino, ndipo ndi mu ulamuliro wake, mu 1968, pomwe chiyankhulo chomwe chinkatchedwa Chinyanja chinayamba kutchedwa Chichewa m'Malawi muno. Kumpoto kwa boma lathu anthu ambiri amayankhula Chitumbuka, moti pamsika wathu mumamva ziwirizi zikusinthana pa benchi limodzi. Mukandimva ndikutchula mawu achilendo pang'ono, mundifunse, mwina ndabwereka kwa anzanga akumpotowo.

Ntchito yanga ndi geni ya zitenje. Katundu ndimakaoda ku Dar es Salaam, ku Kariakoo, kawiri kapena katatu pa chaka. Ulendo wake ndi wautali: Mzuzu, Karonga, kuwoloka malire pa Songwe, kenako Mbeya mpaka kukafika ku Dar. Kumeneko ndimagula poloza ndi chala komanso kulemba mtengo pa foni kuti wogulitsa aone. Zimayenda ndithu, koma sindingathe kunenerera mtengo bwino, sindingathe kufunsa ngati nsalu imasuluka, ndipo wogulitsa akandichitira zabwino ndimangoti asante basi, pomwe mumtima muli zambiri.

Chomwe chinandipangitsa kuti ndifune mphunzitsi weniweni ndi nkhani ya nthawi. Ulendo wina anandiuza kuti basi inyamuka saa kumi na mbili. Ine ndinawerenga bwinobwino, kumi ndi ziwiri, ndinati ndi 12 koloko masana. Nditafika ndi mitolo yanga ndinapeza basi inapita kalekale 6 koloko m'mawa. Mayi wina wogulitsa tiyi ndiye anandifotokozera, akuloza dzuwa, kuti kwanuko ola loyamba la tsiku ndi 7 koloko m'mawa. Tikiti inapita, ndinalipiranso malo ogona. Kuyambira tsiku limenelo ndinatsimikiza mtima kuti ndiphunzire manambala, nthawi ndi mawu a pamsika. Kuno mitengo ya zinthu timaitchula m'Chingerezi ngakhale tikuyankhula Chichewa, pomwe inu mumawerenga ndalama zonse m'chiyankhulo chanu, ndipo ndikamva elfu ndi laki zikuthamanga m'kamwa mwa wogulitsa mutu umaima.

Nanga ine ndingakupatseni chiyani? Sindine mphunzitsi wa kusukulu, koma Chichewa ndinayamwira, ndipo ndikudziwa zomwe apongozi amamvetsera mtengwa akamayankhula. Choyamba ndi inu ndi iwe. Munthu wamkulu, ngakhale ali yekha, timamuti inu, ndipo pomutchula timayamba ndi a: amayi, abambo, agogo, achimwene. Sitinena kuti "mayi wabwera" ponena za apongozi, timati "amayi abwera". Iwe ndi wa mwana kapena mnzako wapamtima amene munakulira limodzi. Ndamva kuti kwanu mumalonjera wamkulu ndi shikamoo kenako n'kumuyankhula ndi wewe popanda vuto. Kuno ulemu umakhala m'chiganizo chilichonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mukagwira pamenepa apongozi anu adzakhululukira zolakwa zina zonse. N'chifukwa chake inenso ndikukutchulani inu m'kalata ino, ndipo ndingakonde tipitirize chotero.

Chachiwiri ndi kamvekedwe. M'zomwe munalemba muja munati "tandizani" pomwe pamafunika "thandizani". Sizinandisokoneze, ndinamva. Koma h ameneyu kwathu amagwira ntchito: amasonyeza kampweya kotuluka pambuyo pa p, t kapena k. Phala ndi lomwe timamwa m'mawa, pomwe pala ndi zomwe timachita pochotsa mamba a nsomba. Ndiponso th wathu si uja wa m'mawu anu oti thelathini, woika lilime pa mano. Wathu ndi t yemweyo wokhala ndi mpweya. Izi zimamveka msanga ndi khutu kusiyana ndi polemba, ndiye ndikhoza kumakujambulirani mawu afupiafupi muzimvera. Mudzaona kuti pena njira ndi yofupika, chifukwa nyumba, nyama ndi moto n'zimodzimodzi kwanu ndi kwathu, madzi ndi maji, mvula ndi mvua. Koma pali misampha: kupita kwathu ndi kunyamuka ulendo, pomwe ndauzidwa kuti kwanu ndi kudutsa. Mudzanditsimikizire ngati ndinamva zoona.

Tsopano pali zina zomwe ndikufuna ndinene lero lomwe, tisanazolowerane, chifukwa zikanenedwa mochedwa zimamveka ngati munthu wakhumudwa. Musazitenge ngati ndikukukayikirani. Mawu omwewa ndikanauza wina aliyense, ndipo inunso simukundidziwa, muli ndi ufulu wondiikira malire anu.

Ndingakonde kuti miyezi yoyambirira tizilemberana pompano pomwe tapezeranapa, osapatsana manambala a foni. Sindikuuzani dera lomwe ndimakhala, malo a benchi langa pamsika, sukulu ya ana anga kapena masiku omwe ndimakhala pa ulendo, ndipo zanu zoterezi sindikufunsani. Zithunzi za ana sinditumiza. Za chitenje, za ndiwo kapena za phiri lathu, zimenezo ndiye mudzatopa nazo.

Za ndalama tisalowetsepo ngakhale pang'ono. Sindidzakupemphani ngongole, mayunitsi kapena thandizo la maliro, ndipo inunso musadzandipemphe. Tsiku lina mukadzalandira uthenga wa dzina langa wonena kuti ndagwidwa pa malire kapena mwana ali m'chipatala, tumizani ndalama msanga, mudzadziwe kuti si ine, wina walowa mu akaunti yanga. Musadzatumize kanthu, mudzangokanena kwa oyang'anira pano. Ndikunena izi chifukwa mng'ono wanga zinamuonekera. Munthu yemwe anacheza naye pa intaneti kwa miyezi ingapo, waulemu wake, tsiku lina anamupempha kuti amuwerengere manambala achinsinsi omwe anabwera pa foni yake, akuti anawatumiza molakwitsa. Pofika madzulo ndalama zonse za geni yake zinali zitachotsedwa. Analira sabata yonse, ndipo chomwe chinamupweteka kwambiri n'choti munthuyo ankamuyesa mnzake. Choncho manambala oterewa, zithunzi za chiphaso kapena pasipoti, ngakhale maulalo oti wina atsegule, tisatumizirane. Ngati pali chowerenga chabwino, tizingokopera mawu ake n'kuwaika mu uthenga.

Chinanso, popeza ndimayenda njira ya kwanu, ndinene poyera kuti sindinyamula katundu kapena phukusi la munthu kudutsa nalo pa malire, ngakhale kakhale kamphatso ka apongozi. Limeneli ndi lamulo lomwe ndinadziikira kalekale, ndipo ngakhale abale anga amalidziwa.

Tikadzafika poti tikufuna kumvana mawu maso ndi maso, tingadzaimbirane pa vidiyo masana, pa nthawi yomwe tagwirizana, ndipo tisajambulane popanda kupemphana. Amuna anga akudziwa kuti ndakulemberani, ndipo ndingasangalale ngati kwanunso wina akudziwa. Zokumana pamaso tiziike patali kaye. Zikadzatheka, padzakhale pagulu, dzuwa lili pamutu, aliyense ali ndi mnzake. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa zokambirana, ine ndimamasuka ndi nkhani za kumsika, zophika, za kumunda, zaukwati ndi miyambo. Mukafuna kudziwa za chinkhoswe, kapena chifukwa chomwe mwana kwa Achewa amawerengedwa wa kuchikazi ndipo malume ake amakhala ndi mawu aakulu, ndidzakufotokozerani mmene ndikudziwira. Za Gule Wamkulu ndingakuuzeni zomwe aliyense amaona pabwalo, zakudambwe ayi, zimenezo zili ndi eni ake. Ndale ndi nkhani ya malire a pa nyanja ija tizisiyire akuluakulu a maboma athu. Za chipembedzo tingafunsane mwaulemu kuti tidziwe, osati kukopana. Funso lililonse lomwe simukufuna kuyankha, mungoti "limenelo tilisiye", ine sindidzafunsa chifukwa chake.

Maganizo anga ndi akuti tizilemberana kawiri pa sabata, uthenga umodzi m'Chichewa, wina m'Chiswahili, aliyense n'kukonza zolakwa ziwiri kapena zitatu zokha za mnzake kuti mtima usagwe. Ine mundikonze mosaopa. Loweruka ndimatseka geni msanga, ndiye 4 koloko madzulo ndimakhala ndi mpata wa mphindi 30. Kwanu nthawi ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye kuti idzakhala 5 koloko, yomwe ndikuganiza kuti mumati saa kumi na moja jioni. Ngati ndalakwitsa, phunziro lathu loyamba likhale lomwelo. Ndikachedwa kuyankha musadandaule, kuno magetsi amazimazima ndipo bandulo imatha pakati pa sabata.

Kalatayi yatalika, werengani pang'onopang'ono, ndipo mawu omwe akuvutani muwalembe padera mudzanditumizire. Ngati mwapeza kale wina wophunzira naye, kapena mwaona kuti sitingayenderane, mungondiuza mwachidule kapena osayankha kumene, sindidzakulemberaninso kachiwiri. Koma ngati mwavomera, mundiyankhe m'Chichewa chanu chomwecho, ngakhale mizere 3 yokha, ndipo mundiuze mawu omwe mumafunitsitsa kuuza apongozi anu koma amakukanikani. Tiyambire pamenepo.

Mupereke moni kunyumba konse.

Ndatha ine,
Naphiri wa ku Kasungu