Kalata yoperekeza khadi la katemera lomasuliridwa kuchokera m'Chipwitikizi

Mufakose, Harare
10 Febuluwale 2025

Kwa Asisitala Oyang'anira Sikelo ya Ana,

Zikomo Mayi. Monga tinakambirana Lachisanu lija, ndatumiza mapepala a mdzukulu wanga, mwana wamkazi wobadwa pa 14 Malichi 2024 m'boma la Angonia, chigawo cha Tete ku Mozambique. Iye ndi mayi ake analowera pa Nyamapanda mwezi wathawu ndipo akhala kuno. Khadi lenileni linatsala kumudzi. Agogo ake analijambula pa foni pa 2 Febuluwale n'kutitumizira.

Mu envulopu muli masamba anayi. Awiri ndi zithunzi za khadilo, kumaso ndi mkati, ndipo pamwamba pake palembedwa Cartão de Saúde da Criança. Awiri enawo ndamasulira m'Chingelezi mzera ndi mzera, kuti mukawayika pambali pa chithunzi bokosi lililonse ligwirizane ndi linzake. Ndamasulira ndine, ndipo palibe chidindo cha womasulira wolumbira. Mayina a mwana ndi mayi ake ndawakopera monga alili pa khadi.

Madeti onse ayamba ndi tsiku, kenako mwezi, ngati kuno. Chenjerani ndi kalembedwe ka manambala: 1 wawo ali ndi mchira wautali kutsogolo moti amaoneka ngati 7, pomwe 7 weniweni amamudula pakati. Mawu akuti VAP ndi katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa, Sarampo ndi chikuku, Peso ndi kulemera kwa mwana.

Zowerengeka bwino ndi izi. Pa 15 Malichi 2024 analandira BCG ndi madontho a poliyo a pobadwa, ndipo chipsera cha BCG chikuoneka pa mkono. Pa 16 Meyi analandira penta woyamba, poliyo woyamba, katemera wa chibayo woyamba ndi rota woyamba. Pa 20 Juni, penta wachiwiri, poliyo wachiwiri ndi rota wachiwiri. Vitamini A anamupatsa pa 19 Seputembala, choncho miyezi isanu ndi umodzi chimupatsireni sinakwane. Wina ayembekeze Malichi.

Pamene pali vuto ndi pa mzera wa Julayi, wa penta wachitatu, poliyo wachitatu, jakisoni wa poliyo ndi chibayo wachiwiri. Kuwala kwa foni kunagwera pa deti penipeni. Mwezi ndi chaka zikuoneka, 07/24, nambala yoyamba ya tsiku ndi 2, koma yachiwiri yafufutika. Sindinaganizire nambala iliyonse, ndangolemba kuti siyikuwerengeka. Komabe tsikulo liyenera kukhala pakati pa 20 ndi 29 Julayi, ndipo masabata anayi kuchokera pa 20 Juni anakwana pa 18 Julayi, ndiye mpata wake ndi wokwanira ngakhale titatenga tsiku loyambiriralo. Siginecha ya wobaya ilipo pa mzerawo. Nambala za mabotolo zili m'mphepete mopindika ndipo sizikuwerengeka ngakhale imodzi.

Mabokosi awiri alibe kanthu: la chibayo wachitatu ndi la chikuku ndi rubela. Ndakulitsa chithunzi, palibe ngakhale kadontho ka inki, ndipo mayi ake akuti sanapitenso kusikelo chiyambire Novembala chifukwa cha ntchito ya kumunda. Mwanayu watsala pang'ono kukwanitsa miyezi 11, ndiye wa chikuku wa pa miyezi 9 wamupitirira. Uyu ndiye akundidetsa nkhawa, poti panyumba pano pali ana ena opita kusukulu. Katemera wa tayifodi, amene kuno analowa pa mndandanda wa katemera wa ana mu 2021, alibe bokosi pa khadili, choncho muwerengere kuti sanalandire.

Pempho langa ndi lakuti mumutsegulire khadi la kuno, mukopere zimene analandira kale, ndipo mupitirize pamene analekezera. Katemera akadukiza sayambidwanso pachiyambi, koma popeza muli ndi chithunzi chabe, kuvomera mzera wa Julayi kapena kuubwereza zili kwa inu, ndipo mayi ake avomera zimene mugamule. Malinga ndi mayi akewo, mwanayu sanatupepo kapena kubanika atabayidwa, kupatula kutentha thupi kwa tsiku limodzi pambuyo pa penta, ndipo pakali pano sakumwa mankhwala aliwonse.

Tapempha agogo ajambulenso masana pa khonde, khadi atalitambasula pa tebulo, nyali ya foni atazimitsa. Khadi lenileni libwera ndi wachibale amene akuyembekezeka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo likangofika tilibweretsa kuti muyerekeze.

Mayi ake abwera ndi mwana Lachinayi pa 13 Febuluwale m'mawa. Chishona ndi Chingelezi sanazolowere, amayankhula Chichewa ndi Chipwitikizi pang'ono, ndiye ngati simudzakhalapo ndidzawaperekeza kuti ndiwamasulire.

Ndatha ine wanu,
Malume a mayi wa mwanayu, amene ndamasulira khadili