Mbewu ya Chimanga Yafika, Mbare Musika

Abale athu a ku Epworth ndi Dzivaresekwa, SC 403 yafika. Ndi chimanga choyera chocha msanga, masiku pafupifupi 120, choyenera amene mvula yoyamba yawapitirira. Paketi ya makilogalamu 2 ndi madola 9, ya makilogalamu 10 madola 38. EcoCash timalandira.

Bzalani mvula ikalowa bwino m'nthaka, osati kamvula kongothimitsa fumbi, mbewu imafera pansi. Mizere italikirane masentimita 90, mapando masentimita 30, njere imodzi paphando, kuya masentimita 5. Feteleza wa Kompaundi D pobzala, koma asakhudzane ndi njere, amawotcha. Wobereketsa chikafika m'mawondo. Muzisuzumira kumtima kwa chimanga, ntchemberezandonda zimabisala mmenemo.

Ndi haibulidi iyi, zokolola zake musadzabzalenso. Yapakidwa mankhwala, musakazingire ana.