Mawu a bambo pa phwando la digiri ya Limbani

Zikomo atcheya. Abusa, amalume ake a mwana ochokera ku Mitundu, achibale ndi anansi athu a kuno ku Area 25, takulandirani ndi manja awiri.

Limbani, taimirira anthu akuone. Ayi, chipewacho usavule, amayi ako avutika nacho kuyambira mbandakucha kuti chikhale pamutupo. Paja akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga, koma taonani uwu, wasenza denga ndi udzu wake womwe!

Tsiku limene tinakamusiya ku Bunda, mnyamatayu anali atameta mpala, mutu ukuchita kunyezimira. Holide yoyamba ndinampatsa ndalama yometera, anati wagulira mabuku. Yachiwiri anati wajambulitsira mapepala a kusukulu. Pofika chaka chachitatu, wometa wa pamsika uja ankandifunsa ngati mwana wanga anasamukira kunja. Ndiye lero ndamvetsa. Tinamutuma kukaphunzira za ulimi, ndipo munda wachitsanzo anautsegula pamutu, wosapalira, wopanda feteleza, koma zokolola ndi izo mukuzionazi.

Achinyamata simudziwa. Nthawi ya Kamuzu, mwamuna kusunga tsitsi lalitali unali mlandu. Ngakhale alendo ochokera kunja ankawameta pabwalo la ndege pomwepo asanalowe m'dziko. Iwe ukanakhalapo, sizasi ikanabuntha usanafike pageti. Nditamuuza zimenezi, iye anandiyankha ndi nkhani ya Samisoni, ati mphamvu zili m'tsitsi. Ine ndinati werenganso za Abisalomu pa 2 Samueli 18, uja anakodwa mumtengo bulu n'kupitirira. Ndiye ukamakayendera alimi panjinga yamoto, pansi pa mitengo ya mango uziwerama.

Koma mwana wanga, ndinene zoona pamaso pa anthuwa. Zaka zinayi zimenezi sizinali zophweka. Chaka chimene fodya wathu sanagulidwe bwino ku Kanengo, fizi inavuta, amayi ako ankadzuka usiku kukazinga mandasi, iwe n'kumakagwira ganyu patchuthi osadandaula. Sunabwerezepo kalasi. Sitinaitanidwepo kusukulu pa mlandu uliwonse. Dzina lako litatchulidwa lero, ndinakuzindikira uli kutali chifukwa cha tsitsi lomwelo, ndipo misozi inalengeza m'maso mwanga. Pansi pa nkhalango imeneyo pali nzeru, ndipo ndakunyadira kwambiri.

Amayi ake a Limbani, zikomo, ntchito mwaigwira. Alongo ake, nthungululu zija zili kuti?

Bwera kuno ulandire mphatso. Mu envulopumu muli ndalama ya suti yokafunsira ntchito. Ichi ndi chipeso chachitsulo, poti zapulasitiki wathyola zitatu. Ndalama yometera ndawasungitsa amalume ako, ukakonzeka ukawaone.

Abusa, tidalitsireni chakudya, nsima ingazizire.