Pempho loti komiti ikumanenso mwezi usanathe

Kwa a Wapampando,
Komiti yoyang'anira ntchito yokonza denga la sukulu

Mayi Wapampando,

Ndikhulupirira muli bwino. Ndalemba kalatayi kukupemphani kuti muitanitsenso komiti, chifukwa msonkhano wa Lachiwiri lapitali unatha tisanamange mfundo pa nkhani zenizeni zimene tinasonkhanira.

Monga mukukumbukira, lipoti la a msungichuma linadya nthawi yoposa ola. Sindikudandaula nazo, pakuti mafunso amene mamembala anafunsa anali oyenera, ndipo tsopano tonse tikudziwa ndalama zimene zilipo. Koma pofika 4 koloko mamembala awiri anatsanzika, tinatsala anayi, pomwe malamulo athu amafuna anthu asanu kuti chigamulo chigwire ntchito. Makalata a mitengo ochokera kwa amisiri atatu aja anabwerera m'chikwama changa osawerengedwa n'komwe.

Nkhani yaikulu imene yatsala ndi yosankha mmisiri. Awiri mwa iwo analemba kuti mitengo yawo igwira ntchito mpaka pa 30 mwezi uno basi. Tikapyola tsikulo, tidzayenera kuwapempha kuti awerengetserenso, ndipo sindikuganiza kuti malata ndi matabwa adzakhala atatsika mtengo. Palinso funso limene a mphunzitsi wamkulu anadzutsa tikuimirira kale: kodi tisinthe denga lonse, kapena tiyambe ndi makalasi awiri amene akudontha kwambiri? Mmisiri sitingamusankhe bwino tisanayankhe limeneli. Yotsiriza ndi yaing'ono, yongotchula anthu awiri osainira mgwirizano.

Ena anena kuti tingovota pa uthenga wa pa foni. Ine sindikugwirizana nazo. Makalata atatuwa sanalembedwe mofanana: wina waphatikiza ndalama zonyamulira katundu ndi zogumula denga lakale, ena sanazitchule. Wooneka wotchipa papepala akhoza kukhala wodula. Zotere zimafuna kuti mapepala akhale patebulo, wofunsa afunse, ena amve yankho lake.

Ndikupempha kuti tikumane Lachinayi pa 19, kuyambira 2 koloko mpaka hafu 3, m'chipinda chomwe chija. Ngati tsikuli silikukomerani, Loweruka pa 21 m'mawa chipindacho chidzakhalanso chopanda anthu. Lipoti la chuma tisalibwerezenso, ndipo nkhani zina zapadera zidikire msonkhano wa mwezi wamawa. Mukavomera, nditumiza makope a makalata atatuwo kwa membala aliyense pofika Lolemba, pamodzi ndi tsamba limodzi loyerekeza zimene mmisiri aliyense walonjeza, kuti tidzafike titawerenga kale.

Chonde ndiyankheni pofika Lachisanu lino kuti ndidziwitse mamembala nthawi ikadalipo, makamaka awiri aja amene amayenera kupempha chilolezo kuntchito kwawo.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti