Dongosolo la kalumikizidwe ka gulu lathu la mpunga, nyengo yogula ya 2025

Kwa mamembala onse asanu ndi awiri: a Phiri kumunda ku Bua ndi ku Dwangwa, mayi Saidi kuchigayo ndi kunkhokwe pano pa boma la Nkhotakota, a Mwale ku Lilongwe, mayi Chirwa ku Blantyre, a Juma ku Dar es Salaam, a Banda ku Joni, ndi mayi Nkhoma ku Leeds. Dongosololi liyamba kugwira ntchito Lolemba pa 5 Meyi 2025.

Tonse tikudziwa mmene zilili. Magetsi akathima nthawi yayitali netiweki nayo imafooka, ndipo pamsewu wa M18 wodutsa m'nkhalango kupita ku Kasungu foni imangokhala chete. Izi sitingazisinthe. Chomwe tingasinthe ndi chizolowezi choganiza kuti uthenga ukachoka m'foni mwako ndiye kuti wafika.

Kutumiza ndi kulandira

Uthenga wafika pokhapokha wolandira atayankha kuti "ndalandira". Pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kamatanthauza kuti uthenga wachoka koma sunalowe m'foni ya mnzanu. Tiwiri timatanthauza kuti walowa m'foni, osati m'mutu. Ngakhale tabuluu tija musatidalire, chifukwa ena anatizimitsa, ndipo ena foni imakhala ndi ana. Kukhala chete si kuvomera. Ngati mwafunsa kuti tikweze mtengo wogulira ndipo a Phiri sanayankhe, mtengo sunakwere.

Wotumiza ndiye asenze udindo wolondola uthenga wake. Pakapita maola atatu popanda yankho pa nkhani yofunika tsiku lomwelo, tumizani meseji wamba. Meseji wamba imadutsa ngakhale pamene intaneti yakanika. Ikhale yosapitirira zilembo 160, ndipo musaikemo tizithunzi kapena chilembo cha ŵ, chifukwa zimenezi zimatsitsa malire kufika pa zilembo 70, meseji n'kuduka pawiri. Pakapitanso ola lina, imbani. Zikakanikabe, imbirani mnzake womuimirira: wa a Phiri ndi mayi Saidi, wa a Mwale ndi mayi Chirwa, ndipo a kunja atatu aimirirane okhaokha. Aliyense wa kuno kumudzi akhale ndi nambala ziwiri, ya Airtel ndi ya TNM, pakuti pamene ina yafooka ina nthawi zambiri imagwira. Nambala zonse zisungidwe moyamba ndi +265, +27, +255 kapena +44.

Kufulasha kawiri motsatizana kukutanthauza kuti "ndiimbireni, mayunitsi andithera". A kunja ndiwo aziimbira a kumudzi.

Magulupu awiri

Tili ndi gulupu ya ntchito ndi gulupu ya macheza. Zamaliro, maukwati, mavesi, mpira ndi mavidiyo oseketsa zonse ndi zabwino, koma zipite ku macheza. Ku gulupu ya ntchito uthenga uliwonse uyambe ndi limodzi mwa mawu atatu awa: DZIWANI ngati sufuna yankho, YANKHANI ngati ukufuna yankho (mulembe dzina la woyankha ndi nthawi yomaliza), CHANGU ngati ndalama kapena katundu ali pangozi lero lino. CHANGU tisamuseweretse. Akachuluka, anthu adzaleka kudzidzimuka naye.

Uthenga umodzi unyamule zonse. Osalemba "muli pompo?" n'kumadikira, chifukwa mnzanuyo mwina wakwera pachulu kuti apeze netiweki ya mphindi ziwiri zokha. Lembani motere: "YANKHANI a Mwale pofika 4 koloko masana. Matumba 80 a Kilombero, a makilogalamu 50, anyamuka mawa m'mawa kudzera ku Salima. Kodi mulandirira kusitolo kapena kunyumba?"

Nkhani ya mavoisi tinakangana nayo, ndipo ndikudziwa kuti akuluakulu ena amawakonda chifukwa kulemba pafoni n'kotopetsa. Aloledwa, koma asapitirire mphindi imodzi, ndipo mtengo, kulemera kwa katundu, tsiku ndi ndalama zilembedwe m'manambala pansi pake. Voisi sungaifufuze pakapita mwezi, komanso pachigayo injini ikamalira palibe angaimve. Zithunzi za malisiti zitumizidwe chimodzichimodzi, osati khumi pakamodzi. Mavidiyo ku gulupu ya ntchito ayi. Kuti bandulo ichedwe kutha, lowani pa Settings, kenako Storage and data, muzimitse zonse pansi pa Media auto-download.

Nthawi

Nthawi iliyonse yolembedwa ndi ya ku Malawi. A Banda ku Joni wotchi yawo ndi yofanana ndi yathu. A Juma ali patsogolo ndi ola limodzi. Mayi Nkhoma panopa ali m'mbuyo ndi ola limodzi, koma kuyambira pa 26 Okutobala adzakhala m'mbuyo ndi maola awiri. Aliyense asinthe yekha m'mutu mwake, tisamalembe nthawi zitatu.

Tsiku lililonse la ntchito, pofika 6 koloko madzulo, aliyense atumize mizere itatu: zomwe zachitika, zomwe achite mawa, ndi chomwe chikumutchinga. A Phiri akakhala kumalo kopanda netiweki alembebe n'kutumiza, uthenga udzachoka wokha akafika pa M5. Tikapanda kumva kwa iwo mpaka 9 koloko m'mawa wa tsiku lotsatira, mayi Saidi atumize wa kabaza.

Msonkhano ndi Loweruka lililonse 7 koloko madzulo, mphindi 30, wa mawu okha, makamera ozimitsa. Lachisanu masana ndi Lamulungu m'mawa sitiitana msonkhano, anthu amakhala ku mapemphero. Mitu yokambirana ndiitumiza Lachinayi, ndipo amene akuona kuti mwina sapezeka ayankhiretu polemba, maganizo ake awerengedwa ngati alipo. Wina akaduka pakati sitibwerera poyambira, adzawerenga chidule. Oduka akafika atatu, kapena foni ikaduka kawiri kwa onse, msonkhano watha ndipo nkhani zotsala tizimalizira polemba pofika Lolemba masana.

Zigamulo ndi ndalama

Zomwe anthu awiri agwirizana pafoni sizinakhale chigamulo mpaka mmodzi wa iwo atazilemba ku gulupu ya ntchito. Ine ndizikopera mu Google Sheets yathu usiku womwewo, ndipo mayi Saidi azilemba m'buku lachikuto cholimba lomwe limakhala kunkhokwe. Bukulo silifuna chaja. Ziwirizi zikasiyana, uthenga wa ku gulupu ndiwo uweruze.

Sitikufuna kuti mpunga utidutse chifukwa tikudikira yankho la ku Leeds. Choncho a Phiri ali ndi mphamvu yogula okha mpaka matumba 30 pa tsiku pa mtengo womwe tagwirizana Loweruka, ndipo mayi Saidi angathe kulipira okha zokonzetsa chigayo mpaka K150,000, bola anene madzulo ake. Zoposa apa zifuna anthu anayi olemba "ndavomera", mmodzi mwa iwo akhale mayi Nkhoma monga msungichuma.

Pempho lililonse la ndalama lochokera ku nambala yachilendo, ngakhale litanena kuti "ndine a Banda, foni yanga yatayika", lisayankhidwe musanamve mawu a mwiniwake. Wotumiza ndalama pa Airtel Money, Mpamba kapena Mukuru alembe nambala ya lisiti ku gulupu, wolandira ayankhe ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe waona. Nambala zisanu ndi imodzi zomwe WhatsApp imatumiza pa meseji musapatse munthu aliyense, ngakhale ine.

Thumba la gulu lipereka K15,000 pa mwezi ya bandulo ndi mayunitsi kwa aliyense wa kuno kumudzi, ndipo tagulira a Phiri pawabanki. Sola ya kunkhokwe ichajire mafoni a ntchito kaye, wailesi pambuyo.

Dongosololi tidzaliunikanso pa msonkhano wa pa 2 Ogasiti, kugula kukatha. Lisungeni m'foni, ndipo a Phiri ndi mayi Saidi ndiwapatsa losindikiza. Mukamaliza kuwerenga yankhani "ndalandira" pofika Lachitatu pa 30 Epulo.

Ine mlembi wanu,
E. Kamanga
Nkhotakota